Tulo ta Mikango ya ku Mfuwe

Bambo Alfonsi Mwale a ku Madzimoyo ankatha kukhululukira wakuba, woledzera, ngakhale munthu wothawa Misa chifukwa cha mpira, koma osati munthu wogona masana. Iwo ankadzuka tambala asanaganize n'komwe zolira, n'kumanga ng'ombe zawo ziwiri pagoli, ndipo pamene anzawo ankasukusula, iwo amakhala atatembenuza kale gawo la munda. Chimanga ankakolola, mtedza ankakolola, thonje ankakolola, ndipo tisabise, ankakololanso adani, chifukwa pakamwa pawo panalibe chitseko. Akapeza mwamuna atatsamira chipupa masana, ankamufunsa mwaulemu kuti maliro ake adzakhala liti.

Tsono ganizani mmene mtima wawo unadumphira pamene mlongo wawo Edita anawauza kuti Rabecca wapeza mwamuna wogwira ntchito yoyang'ana nyama.

"Kuweta?" anafunsa Bambo Alfonsi.

"Ayi alongo, kuyang'ana. Amanyamula alendo pa motoka ku Mfuwe, n'kumawaonetsa nyama za m'tchire. Akuti ndi gaidi. Dzina lake ndi Paison Sakala."

"Akaziyang'ana nyamazo, amazitani?"

"Amabwerako."

Rabecca anali mwana wa Edita, koma anakulira m'manja mwa amalume akewa, chifukwa bambo ake anamwalira iye ali giredi 3. Tsopano anali namwino ku Chipata, mtsikana wodziwa kugwira ntchito, ndipo Bambo Alfonsi ankamukonda kuposa mmene ankafunira kuti anthu adziwe. Mantha awo anali amodzi: kuti adzabwera mwamuna wa manja osalala n'kudzakhala pamsana pa mwanayo moyo wake wonse. Ankhoswe a kwa Sakala anali atatumiza uthenga kuti afika Loweruka. Monga mwini mbumba, mawu omaliza anali awo, ndipo Rabecca anali atanena kale, misozi ili m'maso, kuti amalume akakana, iye sakwatiwa.

"Munthu ukafuna kumudziwa, usamuuze kuti ukubwera," anatero Bambo Alfonsi. Lachinayi m'mamawa anavala jekete la kutchalitchi, ngakhale unali mwezi wa Okutobala, n'kuuza Edita kuti asaike foni kutali chifukwa yankho alimva dzuwa likamalowa.

Anakwera minibasi mpaka ku Chipata, n'kukweranso ina ya ku Mfuwe. Pamene msewu unkatsika mapiri kulowa m'chigwa cha Luangwa, kutentha kunkakwera. Mphepo yolowa pawindo inali ngati ya mu uvuni wa njerwa. Anzawo onse a m'minibasi anagona, makosi ali pendapenda, koma iwo anakhala tsonga ulendo wonse kuti apereke chitsanzo, ngakhale panalibe maso oti aone chitsanzocho.

Anafika pa loji imene Paison ankagwirako ntchito nthawi itangopitirira wani koloko. Mlonda wa pageti atamva kuti ndi amalume a Rabecca, anamwetulira mpaka m'makutu n'kuwalondolera kuseri, ku nyumba za antchito. Ndipo kumeneko, pansi pa mtengo wa bwemba, pamphasa, panali mwamuna wamtali atagona chagada, chipewa chili pankhope, nsapato atazisandutsa pilo.

"Ndi amenewo aSakala," anatero mlondayo.

Bambo Alfonsi anayang'ana dzuwa. Anayang'ana wotchi. Anayang'ananso munthuyo. Zinawapweteka mtima ndithu, koma penapake, pansi penipeni, anamvanso kukoma kumene munthu amamva zimene ankanena zikapherezeka.

Mlonda atamugwedeza phazi, Paison anadzambatuka, ndipo asanaone n'komwe amene waima patsogolo pake, anatsegula kukamwa n'kuyasamula, kuyasamula kwenikweni kotulutsa misozi. Atamva dzina la mlendoyo, kukamwako kunatsekeka kokha. Anagwada msangamsanga n'kuomba m'manja.

"Atate, mwafika! Pepani, sindinadziwe. Tikanakuchingamirani pamsewu."

"Musavutike aSakala, pitirizani. Ndaona kuti ndakusokonezani pa ntchito."

"Iyayi atate, ino ndi nthawi yopuma. Timayamba m'mawa kwambiri, ndiye..."

"Ndamva," anadula Bambo Alfonsi. M'mawa wa anthu a motoka iwo ankaudziwa.

Anawapatsa mpando, madzi ozizira ndi chakudya. Anadya, poti chakudya sichinalakwe. Akanakonda kunyamuka nthawi yomweyo, koma minibasi yobwerera inali ya tsiku lotsatira, ndipo Paison anali atathamangira kale ku ofesi. Anabwerako nkhope ili ngwee. Alendo ake a madzulo anali atapita kukaona sukulu ndi msika, ndiye abwana anamulola kutenga motoka kuti akaonetse amalumewo malo ake a ntchito.

"Munaonapo mkango, atate?"

"Pa kalendala."

Koma zoona zake, mtima unawagunda. Kuyambira ali mwana ankamva za mkango: chilombo chimene chikabangula, mkondo umagwa wokha m'manja mwa mwamuna. Kumudzi ena ankawatcha iwo omwe kuti Mkango wa ku Madzimoyo, ndipo dzinalo sankalikana kwenikweni. Anaganiza kuti poti ukwati wafa kale, bola akaoneko mnzawo wa dzina.

Ananyamuka nthawi itapitirira fili koloko. Motokayo inali yopanda mawindo, yotseguka mbali zonse, denga la tenti lokha. Asanalize injini, Paison anatembenuka n'kupinda manja mwaulemu.

"Atate, kuli malamulo atatu. Osaimirira, osakuwa, osatsika. Nyama zinazolowera motoka, zimaiona ngati chinthu chimodzi chachikulu. Koma munthu akatuluka, zimaona munthu."

"Ine ndinayamba kuyenda m'tchire inu musanabadwe," anayankha Bambo Alfonsi.

Anawoloka mlatho wa Luangwa n'kulowa m'paki. Mtsinje unali utaphwa, mvuu zitaunjikana m'madzi otsala. Anaona njovu, mbidzi, nswala zambirimbiri. Bambo Alfonsi sanayankhule zambiri, ankangowerengera mumtima kuti ndiwo zonsezi zikungoyenda popanda mwini. Paison ankayendetsa pang'onopang'ono, maso ali pansi. Nthawi ina anaima, n'kuloza mchenga, akuti mapazi, n'kukhotera kanjira ka m'mbali mwa mtsinje. Patapita kanthawi anazimitsa injini.

"Iyo apo," ananong'ona.

"Kuti?"

"Pansi pa mvunguti uwo."

Bambo Alfonsi anasuzumira. Pamthunzi wa mtengowo, mtunda wa mapazi makumi awiri, panali zinthu zisanu zofiirira zitatayidwa pansi ngati masaka a chimanga ogwa pangolo. Chimodzi chinagona chammbali. China chinatsamiritsa mutu pamsana pa chinzake. Chachikulu kwambiri, cha manyenje m'khosi, chinagona chagada, mimba kumwamba, mwendo umodzi uli m'malere, ntchentche zikuchita msonkhano pamphuno pake.

"Yafa?"

"Yagona, atate."

"Ikudwala?"

"Ili bwinobwino. Yaikazi inayi, waumuna mmodzi."

Anadikira. Khutu limodzi linagwedezeka. Anadikiranso. Mchira unamenya pansi kamodzi, kenako unasintha maganizo. Thukuta linkayenderera m'jekete la kutchalitchi, ntchentche ya kashembe inawaluma kuseri kwa khosi, ndipo mfumu ya zinyama zonse inali ikadaonetsa mimba yake ku dziko la Zambia.

"ASakala, imadzuka nthawi yanji?"

"Kukayamba kuzizira, atate. Pa tsiku imatha kugona kapena kungokhala pansi maola mpaka makumi awiri."

"Makumi awiri! Tsiku lili ndi maola angati kuno ku Mfuwe?"

Paison anamwetulira, osadziwa kuti akudzikumbira dzenje. Nkhani ya mikango ankaikonda, ndipo munthu akakonda chinthu saona nkhope ya womumvetsera. Anafotokoza motsitsa mawu kuti mkango sutuluka thukuta thupi lonse ngati munthu, ndiye kutentha kukauvuta umangochita wefuwefu ndi kufuna mthunzi. Kuthamanga dzuwa ili, ndi thupi lolemera lija, ndi kudziphika wekha. Anati mkango uli ndi liwiro koma la kamtunda kochepa, sutha kupirikitsa nyama kutali, ndiye umadalira kuzembera, ndipo kuzembera kumayenda bwino mumdima ndi pozizira. Anati ikapha nyama yaikulu, mkango umodzi umatha kudya nyama yolemera ngati theka la thumba la feteleza, ndipo mimba yotero imafuna kugonera kuti igaye.

"Ndiye imeneyi yakhuta?"

"Ayi atate, onani mimba zake, zaphwa. Inadya njati Lolemba. Lero ndiye ili ndi njala."

"Ili ndi njala, n'kugona."

"Ikusunga mphamvu, atate."

"Mawu amenewo ndinawamvapo," anatero Bambo Alfonsi. "Ankawanena mlamu wanga wina. Anasunga mphamvu zaka makumi atatu, tinamuika nazo m'manda zonse zili zatsopano. Nanga bambo uyo wakweza mwendoyo, ndiye amatsogolera posaka?"

Apa Paison anazindikira kumene nkhani ikulowera. Akanatha kunama, alendo ambiri sakanadziwa, koma anayankha zoona.

"Nthawi zambiri amasaka ndi aakazi, atate."

"Eya. Akapha?"

"Waumuna ndiye amayamba kudya."

"Eya!" anatero Bambo Alfonsi, akugwedeza mutu ngati munthu amene wamva ulaliki wabwino. "Akazi ku ntchito, bambo pamthunzi. Ndipo inu mumabwera tsiku ndi tsiku kudzaphunzira."

"Atate, ali nayo ntchito yake. Onani zipsera kumaso kwake. Usiku amayenda mtunda wautali kuzungulira malire, kubangula, kumenyana ndi aamuna ena. Akagonja, obwerawo amapha ana onse aang'ono. Komanso nyama ikakhala yaikulu ngati njati..."

"Usiku. Ntchito zonse za alesi zimachitika usiku, pamene palibe mboni."

Paison anayang'ana chiwongolero, ndipo nkhope yake inagwa moti Bambo Alfonsi anamumvera chisoni pang'ono. Mnyamatayo anali waulemu, zimenezo sakanakana. Koma ulemu sulima. Mumtima anali atakonza kale mawu okauza Edita, ndipo chimene chinkawavuta chinali nkhope ya Rabecca akadzamva.

Dzuwa linapendeka, mthunzi unatalika, kamphepo kanayamba kuchokera kumtsinje. Poti kumbali ya mikango kunalibe choonera, Bambo Alfonsi anatembenukira mbali inayo. Ndipo apo, pamchenga, mapazi atatu okha kuchokera pa tayala, panali chipatso cha mvunguti, chachitali ngati mkono, chosaola, chosadyedwa paliponse. Amuna a msinkhu wawo amadziwa ntchito za mvunguti, ndipo ukawafunsa onse amati ndi mankhwala a khungu. Ku Madzimoyo mtengo umene unalipo unadulidwa kalekale. Akafika nacho chimenechi kumudzi, amuna a mu Mphakati wawo wa kutchalitchi adzawapatsa ulemu mpaka Pasaka.

"ASakala, nditoleko icho."

"Pepani atate, m'paki sitichotsa kanthu. Komanso sititsika pano."

"Ndi mapazi atatu."

"Ndikudziwa atate. Ku mudzi wathu kunja kwa paki ilipo mitengo yambiri, ndikakupezerani mawa."

Mawa! Liwu lokondedwa la anthu ogona masana. Bambo Alfonsi anayang'ana mikango ija, ndipo nthawi yomweyo waukazi wina anadzutsa mutu, n'kutsegula kukamwa. Kunali kukamwa kwakukulu, lilime litapindika, mano achikasu otalika ngati chala. Anayasamula mpaka maso kutsinzina, n'kugwetsanso mutu pamiyendo. Posakhalitsa wachiwiri anayasamula. Kenako wachitatu. Woyamba uja anabwerezanso.

Tsono Bambo Alfonsi analera ana asanu ndi awiri, ndipo anakhalapo pa misonkhano ya kopaletivu yosawerengeka. Ankadziwa bwino lomwe tanthauzo la kuyasamula: munthu akayamba kutero, tulo tamugwira, patsala pang'ono kuti mkonono uyambe. Ngati zilombozi zinali zaulesi zisanayasamule, ndiye tsopano munthu akanatha kuzimeta ndevu.

Paison anali atawongoka pampando, maso ali pa mikango, dzanja lili pa kiyi.

"Atate, khalani bwino tsopano. Mwaona ikuyasamula? Ndiye kuti..."

"Ndaona," anatero Bambo Alfonsi. Anatsegula kachitseko mwakachetechete, n'kutulutsa mwendo umodzi. Nsapato inagunda mchenga. Anatulutsa mutu ndi mapewa, dzanja litatambasukira chipatso chija.

Zimene zinatsatira sanazione, anangozimva. Dzanja linawagwira palamba, kumbuyo, pamalo pamene palibe munthu anawagwirapo chichokereni amayi awo, n'kuwakoka ndi mphamvu ya ng'ombe. Anabwerera m'motoka chamatako. Lamba anaduka, batani la buluku linauluka n'kugunda galasi la kutsogolo, nsapato imodzi inatsala panja. Chitseko chinatsekedwa.

"Iwe!" anayamba Bambo Alfonsi. "Iwe mwana wa..."

"Khalani chete," anatero Paison. Sanakuwe. Sananene kuti atate. Dzanja lake linali pachifuwa pawo, likuwakanikizira kumpando. "Musagwedezeke."

Zaka makumi awiri zinali zitapita chiuzidwireni kuti akhale chete, ndipo amene anawauza nthawi imeneyo anali bambo mfumu. Mkwiyo unawakwera mpaka m'makutu. Anatembenuza mutu kuti amuyang'ane wamwanoyo m'maso, ndipo kuseri kwa phewa lake anaona kuti pansi pa mtengo paja masaka aja palibe.

Yaikazi inayi yonse inali chiimire. Woyamba kuyasamula uja anali kale pakati pa mtengo ndi motoka, mutu uli pansi pang'ono, maso ali pamalo pamene mwendo unatulukira. Sankathamanga. Ankayenda mwakachetechete, mapewa akukwera ndi kutsika, ndipo Bambo Alfonsi sanamvetse kuti nyama yonseyi inabisala kuti m'thumba lophwa lija. Mkangowo unazungulira kutsogolo kwa motoka, n'kufika mbali yawo. Anamva fungo lake. Anaona nkhupakupa pakhosi pake. Unaweramira nsapato ija, n'kuinunkhiza, kenako unadzutsa mutu n'kuwayang'ana.

Maso ake anali achikasu, opanda mkwiyo, opanda chidani. Unawayang'ana monga mmene iwo amayang'anira nkhuku Khirisimasi ikayandikira. Bambo Alfonsi anayesa kunena Tikuoneni Mariya, koma anapeza kuti pemphero limene ananena tsiku lililonse kwa zaka makumi asanu ndi limodzi lathawa, latsala la pa chakudya lokha, ndipo limenelo anaona kuti si nthawi yake.

Mkangowo unatola nsapato ija, n'kuyenda nayo pang'ono, n'kuitaya. Inalibe phindu. Unapitirira kulowera kudambo, ina itatu ikutsatira pamzere, uliwonse ukudutsa pafupi moti munthu akanaukhudza. Waumuna uja ndiye anagubuduka pomaliza, n'kudziwongola msana, n'kuyasamula, n'kuyamba kutsatira chapatali.

Paison anachotsa dzanja lake.

"Atate, ndikhululukireni," anatero, mawu akutuluka movutika. "Ndakugwirani pamalo posayenera. Ndakuyankhulani mosayenera. Ndikudziwa chimene ndataya."

Bambo Alfonsi anali otanganidwa ndi kupuma. Patapita nthawi anafunsa ndi mawu aang'ono, osakhala awo.

"Inkayasamula."

"Inde atate. Ndi zimene ndimafuna kukuuzani. Mkango ukayamba kuyasamula pafupipafupi madzulo chonchi, ndiye kuti ukudzuka, osati ukugona. Thupi likuchoka ku tulo. Ndipo zimapatsirana: wina akayasamula, mnzake amayasamulanso, kenako woyambayo akanyamuka, enawo amanyamuka naye. Amanyambitana, amadziwongola, n'kuyamba ulendo pamodzi. Ife tikaona kuyasamula kwachuluka, timauza alendo kuti konzani makamera."

"Ndiye ikanadzukabe ngakhale ine ndikanapanda kutsika?"

"Ikanadzuka atate. Koma sikanabwera kudzaona nsapato."

Analiza injini n'kutsatira pang'onopang'ono, ali patali. Palibe anatchulanso za mvunguti. Pamphepete mwa dambo Paison anaima n'kuloza. Kutsogolo kunali njiri itagwada, ikufukula mizu, ndipo mikango inali itasowanso. Bambo Alfonsi anayang'anitsitsa mpaka anaona makutu awiri mu udzu wouma, kenako ena awiri chakumanzere. Inkakwawa, mimba pansi, phazi limodzi, n'kuima, phazi lina, n'kuima. Zinatenga nthawi yaitali moti miyendo ya Bambo Alfonsi inachita dzanzi, koma ulendo uno sanafunse kuti zitha nthawi yanji.

Mwadzidzidzi udzu unaphulika. Fumbi linakwera, njiri inalira n'kuimika mchira, waukazi uja ali pambuyo pake, liwiro loti maso sakanalitsata. Njiri inakhota, n'kukhotanso, n'kulowa kuuna chammbuyo. Zonse zinatha munthu asanamalize kuwerenga mpaka khumi. Mkangowo unaima pakhomo pa una, nthiti zikukwera ndi kutsika, kukamwa kuli yasa, malovu akugwa. Unayang'ana uku ndi uku, kenako unadzigwetsa pansi, wefuwefu.

"Yaphonya," ananong'ona Bambo Alfonsi, ndipo anadabwa kuti zawakhudza.

"Imaphonya kawirikawiri kuposa kupha, atate. Pa maulendo anayi, mwina kamodzi. Iyesanso kukada. Mwina ipha, mwina igona ndi njala usiku wachitatu."

Bambo Alfonsi anayang'ana nthiti zija. Kupuma kotero ankakudziwa. Chaka china, chifukwa cha liuma, anakakamiza ng'ombe yawo yakuda kukoka pulawo mpaka masana, ndipo inagwa mumzere, ikupuma chimodzimodzi, n'kukhala sabata yathunthu osagwira ntchito. Chichokereni tsiku limenelo, dzuwa likangokwera ankamasula goli n'kupititsa ng'ombe pamthunzi, ndipo aliyense wozisokoneza zikubzikula ankaona zakuda. Ng'ombe zawo sanazitchulepo zaulesi. Anachita manyazi, ndipo manyaziwo anawapweteka kuposa kashembe.

Pa ulendo wobwerera Bambo Alfonsi anakhala dzanja limodzi litagwira buluku, phazi limodzi lili ndi sokosi yokha. Atayandikira mlatho anatsokomola.

"Mumadzuka nthawi yanji, aSakala?"

"Folo koloko, atate. Kuyang'ana motoka, kudzutsa alendo. Timalowa m'paki sikisi, kubwerako cha m'ma teni. Madzulo timalowanso, kubwerako eyiti, kenako kukhala ndi alendo mpaka adye."

"Masiku angati pa sabata?"

"Nyengo ino, onse."

"Hm," anatero Bambo Alfonsi. Folo koloko inali nthawi yawo, ndipo sanakonde kumva kuti pali wina amene amaigwiritsanso ntchito.

Atawoloka mlatho, foni yawo inalira m'thumba la jekete. Anali Edita. Paison anaimika motoka pambali pa msewu, n'kupempha kuti atsike kuti awapatse mpata.

"Khalani pomwepo. Nkhani ndi yanu, muimve."

Paison anakhala, manja ali pa maondo, maso kutsogolo, ngati munthu wodikira chigamulo chimene akuchidziwa kale.

"Alongo, mwamuona?" Mawu a Edita ankamveka m'motoka monse. "Ndili ndi Rabecca pano, wabwera kuchokera ku Chipata. Sanadye chichokereni m'mawa."

"Ndamuona."

"Ndi munthu wotani?"

"Ndamupeza atagona masana, pamphasa, chipewa kumaso."

"Mayo ine."

"Sindinathe. Wandiyasamulira pamaso. Wandikaniza chinthu chimene ndinapempha. Wandigwira palamba ngati mbuzi yothawa pamsika, lamba n'kuduka. Ndipo wandiuza kuti ndikhale chete. Ine."

Kumbali inayo kunamveka kulira kwapansipansi, ndipo Bambo Alfonsi anakuzindikira. Kunali kulira komwe kuja kwa kamtsikana ka giredi 3 kamene anakanyamula paphewa pochokera kumanda.

"Mpatse foni mwanayo."

"Amalume," anatero Rabecca.

"Pukuta misozi, mvetsera. Munthuyu amadziwa kuti ndabwera kudzamuyesa. Amadziwa kuti akandikhumudwitsa, wakutaya. Akanatha kundisiya ndichite zanga, iye n'kukhala waulemu, mawa n'kubwera ndi nkhata ya maluwa kumaliro anga. Koma anasankha kukutaya iwe kuti ine ndibwerere kwathu ndi miyendo iwiri. Kumudzi konse kulibe amene angandiletse kanthu. Ndakhala ndikudandaula kuti ndikadzafa, adzaime pakati pa iwe ndi mavuto ndani. Ndamupeza."

"Amalume, mukunena kuti..."

"Ndikunena kuti uuze amayi ako agwire nkhuku ziwiri Loweruka, osati imodzi. Pita ukadye."

Phokoso limene linatuluka m'foni linali la nthungululu ndi kulira pamodzi, moti anaitalikitsa kukhutu. Atatembenuka, anaona Paison atayika chipumi pa chiwongolero, mapewa akugwedezeka. Anamusiya kanthawi, poti mwamuna akamalira sayang'anitsitsidwa, ndiponso iwo omwe anali ndi kachitsotso m'maso. Kenako Edita anabwereranso pafoni.

"Alongo, koma chachitika n'chiyani kumeneko? Anakugwirani palamba chifukwa chiyani? Mumapita kuti?"

"Netiweki ikuvuta kuno," anatero Bambo Alfonsi, n'kuzimitsa foni.

Anayang'ana anthu odutsa pa njinga. Kenako anayika dzanja lawo lomasuka paphewa pa Paison.

"Mkamwini."

"Atate."

"Za chipatso chija, ndi za pakati pa ine ndi inu ndi Mulungu."

"Ndamva, atate."

"Chabwino. Tsono musanandifikitse kwa anthu, pezani kachingwe."